Tiyi wa likorisi wakweza bipi ya amayi, potaziyamu watsika: alipo anaonapo zotere?

Nachisale:
Abale moni nonse, ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo sabata ino. Amayi anga ali ndi zaka 58, akhala ndi vuto la bipi zaka zisanu ndi chimodzi koma imayenda bwinobwino, akamwa kapilisi kawo kammawa tikayeza timapeza cha mma 135/85 basi. Nde miyezi iwiri yapitayo anaganiza zosiya shuga mu tiyi, munthu wina anawauza kuti kuli tiyi wa zitsamba wotsekemera yekha osafuna kuthira shuga, wa muzu wa likorisi. Anamukonda kwambiri moti anasiyiratu tiyi wamba, ankamwa makapu asanu patsiku, tsiku lina mpaka sikisi chifukwa amati ndi zachilengedwe palibe vuto.

Patatha masabata atatu anayamba kudandaula mutu, kenako mapazi kutupa moti akavula masokosi pamatsala mzere wozama pakakolo. Tinayeza bipi 168/98. Kuchipatala anati mwina mankhwala achepa mphamvu, anawawonjezera mlingo wa mapilisi okodzetsa amene amamwa a bipiwo. Mmalo mokhala bwino zinangoipiraipira, miyendo kufooka, akakhala pampando wotsika kulephera kudzuka okha mpaka agwire tebulo, usiku minofu ya katumba kukokana akulira. Lachiwiri bipi inafika 182/104, tinabwereranso, ulendo uno anatenga magazi ndipo anati potaziyamu ali pa 2.8. Dokotala wake ndi amene anafunsa kuti kodi mayi mumamwa chani kunyumba kupatula mankhwala, titatchula tiyi uja anati musiye lero lomwe.

Funso langa ndi lakuti zoona tiyi angachite zonsezi? Ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji kuti abwerere mwakale, poti asiya masiku anayi apitawa koma bipi ikadali pamwamba.

Bambo a Chisomo:
Pepani kwambiri achemwali. Koma ine ndikuona ngati apa vuto ndi tiyi yemweyo osati likorisiyo, tiyi aliyense ali ndi kafini ndipo makapu sikisi patsiku ndi ambiri kwa munthu wa bipi. Ine anandiletsa khofi pa chifukwa chomwecho.

Nachisale:
Ayi bambo, papaketi alemba kuti mulibe kafini. Nchifukwa chake ankamwa ngakhale usiku pokagona.

Anambewe:
Nachisale pepa mwanawe, amayi achira. Ine ndagwira ntchito yopereka mankhwala zaka zambiri ndipo zimene wafotokozazi zikugwirizana ndendende ndi mmene likorisi amachitira, dokotala amene anafunsa funso limene lija anachita bwino kwambiri.

Ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera. Kutsekemera kumene amayi ankakumva mu tiyi muja si shuga, ndi chinthu china cha mmuzu momwemo chotchedwa gilisirizini, chimatsekemera kuposa shuga ka 30 mpaka ka 50. Chikafika mmatumbo chimasinthidwa nkulowa mmagazi, kenako chimakafika ku impso. Ku impso kuli kamlonda kena, enzaimu, ntchito yake ndi kufooketsa homoni yotchedwa kotizolo isanafike pamalo amene amalamula zosunga mchere. Malo amenewo mwini wake ndi homoni ina, aludositeroni, imene imauza impso kuti sunga mchere ndi madzi, taya potaziyamu. Kotizolo naye amatha kutsegula pakhomo pomwepo ndipo mmagazi ndi wochuluka kwambiri kuposa aludositeroni, nchifukwa chake pamafunika mlonda. Likorisi amamanga manja mlondayo. Zikatero kotizolo amangolowa nkumalamula usana ndi usiku kuti sunga mchere, taya potaziyamu.

Mchere ukasungidwa madzi amatsatira, ndiye kutupa mapazi kuja ndi bipi kukwera. Potaziyamu akumatayika mumkodzo, ndiye kufooka kwa miyendo ndi kukokana kuja poti minofu imadalira iyeyo kuti igwire ntchito. Ndipo mtima nawo ndi mnofu, apa mpamene pali choopsa chenicheni.

Nachisale:
Zikomo anti, tsopano ndikumva. Nde 2.8 ameneyu ndi woipa bwanji? Ife tinangouzidwa kuti watsika.

Anambewe:
Wabwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Akatsika pansi pa 3.0 ndiye zayamba kuvuta, akafika pansi pa 2.5 ndi zogonekedwa nazo mchipatala chifukwa mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka nthawi ina iliyonse. Amayi ali pakati pamenepo, si zoti nkuzitenga mwachibwana koma zimakonzeka.

Chinanso chimene ndaona munkhani yako, mapilisi okodzetsa anawonjezera aja. Tayang'ana pakabokosi kapena pakapepala, ngati alemba HCTZ kapena furosemide dziwa kuti amenewonso paokha amataya potaziyamu mumkodzo. Ndiye tiyi akutaya mbali iyi, pilisi akutaya mbali iyo, nchifukwa chake atawonjezera mlingo miyendo inafookeratu. Sindikunena kuti amene anawonjezerayo analakwa dala ayi, munthu wa bipi akabwera bipi itakwera mapazi atatupa aliyense amayamba waganiza za mankhwala, ndipo odwala ambiri akafunsidwa kuti mukumwa mankhwala ena ati satchula tiyi poti kwa iwo tiyi si mankhwala.

Nachisale:
Ndayang'ana, ndi HCTZ yemweyo. Koma Lachiwiri lija anawasiyitsa, anawapatsa ena a bipi ndi mapilisi a potaziyamu akuluakulu oyera, akuti tibwerenso Lolemba akayezenso magazi.

Mjomba Yona:
Ine ndimaona ngati mukunena za mowa, poti dzinalo likumveka ngati lika. Kodi likorisi ndi chani kwenikweni, ndi mtundu wa masamba a tiyi?

Tiya wa Pa Mpanda:
Ayi mjomba si mowa. Ndi muzu wa chomera china cha mtundu wa nyemba, ukauma umaoneka ngati kamtengo kachikasu mkati, ukatafuna umatsekemera ndipo kutsekemerako kumakhalitsa kukhosi. Amapangira maswiti akuda aja otanuka ngati labala, amathiranso mu tiyi wa zitsamba ndi mmankhwala ena a chifuwa.

Koma Nachisale ine ndinganene kuti nkhani ya potaziyamu ndi yosavuta, apatseni nthochi zambiri ndi mapeyala, zitatu zinayi patsiku abwerera msanga. Ndipotu akamadya nthochi mokwanira tiyiyo akhoza kumamwabe pang'ono poti zimene akutaya akubwezera.

Anambewe:
Tiya mbali yoyamba wanena zoona, nthochi ndi mapeyala zili ndi potaziyamu ndipo adye ndithu. Koma mbali yachiwiriyo ayi. Nthochi imodzi ili ndi mamiligalamu pafupifupi 400, pomwe munthu amene magazi ake afika pa 2.8 thupi lonse lataya wochuluka kuposa nthochi khumi, chifukwa potaziyamu wambiri amakhala mkati mwa maselo, wa mmagaziyo ndi kachigawo kakang'ono chabe. Ndiye bola impso zikulamulidwabe kutaya, uli ngati ukuthira madzi mu ndowa yobooka. Komanso nthochi sizichotsa mchere ndi madzi zimene zikusungidwazo, bipi ikhalabe pamwamba. Tiyiyo asiyiretu basi.

Ndipo osawonjezera okha mapilisi a potaziyamu aja kuposa mmene anenera, kapena kuyamba mchere uja amati wa anthu a bipi umene muli potaziyamu, osawauza achipatala. Potaziyamu akachulukitsa nayenso amaimitsa mtima chimodzimodzi, nchifukwa chake akufuna kuyezanso Lolemba.

Tiya wa Pa Mpanda:
Chabwino anti ndamva, ndimaganiza kuti nkungobwezera basi.

Achimwene Dalitso:
Nkhaniyi yandigwira mtima chifukwa ine zinandichitikira koma ndi maswiti. Nditasiya fodya zaka zitatu zapitazo pakamwa pamafuna chinachake nthawi zonse, nde ndinapeza timaswiti takuda tolimba ta likorisi, tating'ono ngati nyemba, ndinkayenda nato mthumba, kapaketi kamodzi kutha tsiku limodzi nthawi zina tiwiri. Ine ndinalibe bipi chibadwire. Patatha mwezi ndi theka ndinayamba kumva mtima ukudumpha, ngati waphonya kugunda kumodzi kenako nkugunda mwamphamvu, makamaka ndikagona chagada. Ndinkadzuka kukakodza katatu kanayi usiku, ludzu losatha, ndinaganiza kuti ndi shuga. Anayeza shuga ali bwinobwino, bipi 160/100, potaziyamu 3.1.

Chimene chinandipweteka nchoti anayamba kundifufuza za chotupa cha pa kachiwalo kali pamwamba pa impso, ndinakhala masabata awiri ndili ndi mantha osadya bwino. Zotsatira zitabwera anati homoni imene amaikayikirayo ili pansi mmalo mokhala pamwamba, dokotala anadabwa nkuyamba kundifunsa chimodzichimodzi zimene ndimadya kuyambira mmawa. Ndinatulutsa kapaketi mthumba kumuonetsa.

Anambewe:
Dalitso zimene wanenazi ndi chizindikiro chenicheni chimene madokotala amasiyanitsira. Munthu wa chotupa chija aludositeroni amakhala wokwera. Munthu wa likorisi thupi limaoneka ngati aludositeroni wachuluka, bipi pamwamba potaziyamu pansi, koma ukayeza umapeza ali pansi, ndi mnzake renini ali pansinso, chifukwa thupi laona kuti mchere ndi madzi zachuluka kale nde lazimitsa zonse. Amene akugwira ntchitoyo ndi kotizolo. Tiuze, zinakutengera nthawi yaitali bwanji, poti ndi limene Nachisale akufunsa.

Achimwene Dalitso:
Kudumpha kwa mtima kunasiya patatha ngati masiku khumi. Potaziyamu atayezanso pa masabata awiri anali 3.9. Koma bipi inatsika pang'onopang'ono, sabata yoyamba sinasunthe nkomwe mpaka ndinayamba kukayikira ngati analidi maswiti, sabata yachitatu 145/90, inadzafika 125/80 patatha mwezi ndi masabata awiri. Sikelo inatsikanso makilo awiri mmasiku ochepa osachita chilichonse, anali madzi okhaokha. Nde achemwali masiku anayi ndi ochepa, musataye mtima.

Nachisale:
Achimwene mwandikhazika mtima pansi, ndawawerengera amayi zimene mwalembazi. Iwo amati mwina dokotala analakwitsa poti asiya koma palibe chasintha.

Anambewe:
Sichoka msanga chifukwa chinthucho chikafika kuchiwindi chimatayidwa mu ndulu kupita mmatumbo, kenako china chimayamwidwanso kubwerera mmagazi, chimazungulira choncho kwa masiku. Nthawi zambiri potaziyamu amakhazikika pa sabata imodzi kapena ziwiri, bipi masabata angapo, ndipo mahomoni amene anazimitsidwa aja amatha kutenga miyezi iwiri kapena kuposera kuti adzuke bwinobwino. Chofunika kusamala ndi ichi: likorisi akamatha mthupi bipi izitsika yokha, nde mankhwala amene awonjezeredwa panowa akhoza kudzakhala ochuluka pakatha mwezi. Muziyeza mmawa ndi madzulo nkumalemba mkabuku, akayamba kumva chizungulire podzuka mukaonetse kabukuko.

Bambo a Chisomo:
Koma abale tisaopsezane kwambiri. Anthu akhala akudya maswiti amenewa zaka mazanamazana, ana anga amadya aja ofiira otalika ngati chingwe palibe chinawachitikira. Ine ndikuganizabe kuti pa maswiti vuto ndi shuga ndi kunenepa.

Tiya wa Pa Mpanda:
Ofiira aja nthawi zambiri mulibe muzuwo bambo, ndi dzina chabe ndi maonekedwe, kukoma kwake ndi kwa zipatso. Ngakhale akuda ena amangothira mafuta a anisi amene amanunkhira mofanana. Ndinawerenga papaketi ina yakuda bii koma mulibe likorisi olo pang'ono.

Anambewe:
Apa Tiya wanena zoona. Mtundu si umene ungakuuze, werenga pamene alemba zimene zili mkati. Ukaona mawu awa, liquorice root, licorice extract, kapena Glycyrrhiza glabra, muzuwo ulimo. Ndipo pa tiyi wa zitsamba mpofunika kuwerenga kwambiri chifukwa ambiri kutsogolo kwa bokosi amalemba zina, wa minti, wa jinja, wothandiza kugona, wa pakhosi, wotsuka mthupi, koma kumbuyo likorisi ali pa nambala yachiwiri kapena yachitatu, amamuika kuti tiyiyo atsekemere.

Bambo a Chisomo, kudya kamodzikamodzi kwa munthu wathanzi palibe amene akuletsa. Vuto ndi tsiku ndi tsiku kwa masabata. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza mu 2017 kuti munthu wa zaka 40 kupita mtsogolo akamadya magalamu pafupifupi 57 a maswiti akuda a likorisi tsiku lililonse kwa masabata awiri akhoza kugonekedwa mchipatala ndi vuto la kagundidwe ka mtima. Magalamu 57 si ambiri, ndi odzaza dzanja limodzi. Ndipo mu 2020 madokotala a ku Massachusetts analemba za bambo wa zaka 54, womanga nyumba, amene ankadya paketi imodzi ndi theka tsiku lililonse kwa masabata atatu, anakomoka ali pamalo odyera mtima utasokonekera, potaziyamu wake anali 2.0, anamwalira tsiku lotsatira. Shuga sachita zimenezo mmasabata atatu.

Bambo a Chisomo:
Aaa zimenezo sindimazidziwa. Komabe paketi ndi theka tsiku lililonse ndi kuonjeza, ameneyo ndi mmodzi mwa anthu angati.

Achimwene Dalitso:
Nane ndinkanena choncho bambo, kuti timaswiti tating'ono ngati timeneti tingandichite chani. Koma tolimba tating'ono takuda tija nthawi zambiri ndi madzi a muzuwo owumitsidwa pafupifupi okhaokha, nde kapaketi kakang'ono kamaposa maswiti ofewa odzaza mbale amene mbali yaikulu ndi ufa ndi shuga.

Mayi a Mapasa:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Funso langa ndi la nambala, makapu angati amene ali bwinobwino? Ine ndimamwa kapu imodzi madzulo chifukwa cha kutentha pamtima ndipo imandithandizadi, sindikufuna kusiya ngati palibe chifukwa. Bipi ndilibe, ndili ndi zaka 34.

Anambewe:
Funso ili ndi lovuta kuliyankha ndi nambala imodzi. Akatswiri a zakudya a ku Ulaya mu 2003 ananena kuti mamiligalamu 100 a gilisirizini patsiku ndi malire amene anthu ambiri akuluakulu sangavutike nawo. Koma papaketi ya tiyi salemba mamiligalamu. Pamene anayeza mitundu yosiyanasiyana ya tiyi wokhala ndi likorisi anapeza kusiyana kwakukulu zedi, wina mamiligalamu ochepa chabe pa lita, wina mazana angapo, pakatikati kapu imodzi imakhala ndi cha mma 30. Tikatenga 30 yemweyo, makapu atatu wafika kale pafupi ndi 100. Amayi ake a Nachisale makapu asanu kapena sikisi ndi 150 mpaka 180 tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ndipo ngati tiyi wawo anali wa muzu wokhawokha zikhoza kuposa pamenepo.

Kaphikidwe nakonso kamasintha zinthu. Kathumba koviika mphindi zitatu nkuchotsa si chimodzimodzi ndi kusiya kathumba mkapu mpaka kumaliza, ndipo kuwiritsa mizu yeniyeni mupoto ndiye kumatulutsa wambiri koposa. Ku Canada mu 2019 analemba za agogo a zaka 84 amene ankamwa tambula imodzi kapena awiri patsiku a chakumwa chopanga okha ndi muzuwo, patangotha masabata awiri bipi inafika pafupi ndi 200, madzi mpaka mmapapo.

Nachisale:
Amayi ankaika matumba awiri mu fulasiki mmawa nkuwasiya momwemo tsiku lonse, madzulo amakhala wakuda wotsekemera ngati uchi, amati ndi pamene amakoma.

Mayi a Mapasa:
Nde kwa ine kapu imodzi ya kathumba kamodzi ili pansi pa 100, ndili bwino eti?

Anambewe:
Mwina uli bwino, anthu ambiri a msinkhu wako opanda matenda kapu imodzi siwachita kanthu koonekera. Koma sindingakulonjeze. Ku Sweden anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2024, anapatsa achinyamata athanzi 28 likorisi wokhala ndi mamiligalamu 100 enieniwo tsiku lililonse kwa masabata awiri, bipi yawo inakwera ndi 3 pakatikati ndipo mahomoni aja anatsika, kusonyeza kuti ngakhale pamalire pomwepo thupi limamva. Anthunso timasiyana, ena mlonda wa ku impso uja ndi wofooka chibadwire, akazi ndi okalamba amagwidwa msanga, ndi amene amadya mchere wambiri. Ndikanakhala iwe ndikanayeza bipi pano, ndiyezenso pakatha masabata awiri atatu, ndipo ndikanamadumphitsa masiku osati tsiku lililonse chaka chonse.

Za kutentha pamtimazo, kuli likorisi amene anachotsamo gilisirizini, papaketi amalemba DGL, ameneyo sakweza bipi ngati winayu. Koma kutentha pamtima kwa tsiku ndi tsiku nakonso nkofunika kukaonetsa.

Tiya wa Pa Mpanda:
Ine apa ndikusiyana nanu pang'ono anti. Kukwera ndi 3 ndi kanthu? Bipi yanga imasintha kuposa pamenepo ndikangokwera masitepe. Ndikuona ngati kwa munthu wathanzi kapu imodzi tisamuopseze.

Anambewe:
Kwa munthu mmodzi wa 115 kufika 118 si kanthu, ndikuvomera. Koma 3 ameneyo ndi wa pakatikati, mkati mwake muli ena amene sanasunthe ndi ena amene anakwera kwambiri, ndipo anali achinyamata kwa masabata awiri okha. Sudziwa uli gulu liti mpaka utayeza.

Tiya wa Pa Mpanda:
Kuyezako ndagwirizana nako, koma kusiya kapu imodzi ine sindikuonabe chifukwa.

Mayi a Mapasa:
Ndiyamba ndayeza kaye. Koma pali china, mng'ono wanga ndi woyembekezera miyezi isanu ndipo ndinamupatsako bokosi limodzi poti nayenso kutentha pamtima kukumuzunza usiku.

Anambewe:
Ameneyo muimbire lero asiye, apa sindikukayika. Mlonda yemwe uja wa ku impso aliponso mu nsengwa, ntchito yake kuteteza mwana ku kotizolo wa mayi. Ku Finland kumene anthu amadya likorisi kwambiri anatsatira ana a amayi amene ankadya wambiri ali oyembekezera, mamiligalamu 500 kapena kuposa pa sabata, ndipo anapeza kusiyana pa mayeso a nzeru ndi kukumbukira anawo atakula, nde dzikolo limalangiza oyembekezera kuti apewe. Kuwonjezera apo bipi pa mimba ndi nkhani yoopsa payokha. Ngati wamwa makapu ochepa asade nkhawa, angosiya nkukatchula ku sikelo.

Mjomba Yona:
Tsono ine bipi yanga imakhala yotsika, 95/60, ndimamva chizungulire ndikaimirira msanga. Mmene mukufotokozeramu ndiye kuti tiyi ameneyu kwa ine ndi mankhwala, ndiyambe kumwa ikwereko?

Achimwene Dalitso:
Mjomba chonde ayi. Bipi ikwera inde koma potaziyamu atsikira limodzi, sungasankhe chimodzi nkusiya chinzake. Kudumpha kwa mtima kumene ndinamva ine sindingakufunire munthu.

Anambewe:
Dalitso wayankha kale. Komanso mjomba simunayambe mwatiuzapo kuti mumamwa mankhwala a mtima? Ngati muli digokisini mmenemo ndiye likorisi musamuyandikire nkomwe, potaziyamu akatsika digokisini amasanduka poizoni pa mlingo womwewo umene mumamwa masiku onse. Chimodzimodzi amene akumwa mapilisi okodzetsa, amene ali pa puredinisoloni, amene amamwa mankhwala otsegula mmimba kawirikawiri, a matenda a impso kapena mtima wofooka. Chizungulirecho kachiuzeni kumene mumalandira mankhwala, mwina ndi mlingo wa mapilisi anu omwewo.

Mjomba Yona:
Ndimamwa awiri a mtima koma maina sindiwasunga, ndikayang'ana ndikafika kunyumba.

Nachisale:
Anti funso lomaliza, pakati pa lero ndi Lolemba ndi zizindikiro ziti zimene tisadikire nazo? Ndimagona nawo chipinda chimodzi masiku ano.

Anambewe:
Akamva mtima ukuthamanga kapena kudumphadumpha osasiya, kukomoka olo kwa kamphindi, kupweteka pachifuwa, kubanika makamaka akagona, kufooka kukakwera kufika mmanja kapena kulephera kuimirira, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka minofu ikupweteka, pitani nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Chimodzimodzi mutu waukulu ndi kusaona bwino, kulankhula mosamveka, kapena mbali imodzi kufooka. Akayamba kusanza kapena kutsegula mmimba musadikirenso chifukwa potaziyamu atsikiratu. Mapilisi oyera aja azimwa atadya, ndi madzi odzaza kapu, osatafuna, amapweteka mmimba ukamwa uli ndi njala. Ndipo popita Lolemba tenga bokosi la tiyi lija akaone okha, utengenso china chilichonse chimene amamwa kapena kumwerera, mankhwala a chifuwa, timaswiti ta pakhosi, ufa wa zitsamba, poti likorisi amabisala mzinthu zoterozo.

Nachisale:
Mwandikumbutsa, ali ndi timaswiti ta pakhosi mchikwama chawo cha kutchalitchi. Ndapita kukaona, kumbuyo alemba liquorice extract. Akuti amamwerera tiwiri titatu patsiku kuyambira pamene anadwala chifuwa mwezi watha, ndipo sanasiye poti dokotala ananena za tiyi yekha.

Achimwene Dalitso:
Mwina nchifukwa chake ikuchedwa kutsika.

Anambewe:
Titatu tokha sitingakhale ndi wambiri ngati tiyi wa mu fulasiki uja, koma panopa thupi silikufuna olo pang'ono. Tichotse, titengenso Lolemba.

Nachisale:
Ndabwera kudzakuuzani za Lolemba. Potaziyamu wafika 3.4, akuti apitirize mapilisi sabata ina imodzi ayezenso. Bipi mmawa uno 158/94, mapazi aphwa, masokosi sakusiyanso mzere, ndipo dzulo anadzuka okha pampando wotsika uja osagwira tebulo. Kukokana kwa usiku kunabwera kamodzi kokha sabata yonseyi. Za HCTZ akuti aona pakatha mwezi ngati abwererenso kapena akhale pa atsopanowa. Chimene chikuwavuta pano ndi tiyi wopanda shuga wopandanso kutsekemera, akuti sakumva kukoma, nde ngati wina akudziwa tiyi wa zitsamba amene mulibe muzu umenewu koma womweka wopanda shuga andiuze, ndiwerenga ndekha kumbuyo kwa bokosi ndisanawapatse.

Mayi a Mapasa:
Yesani wa rooibosi wosasakaniza ndi china chilichonse, alibe kafini ndipo sawawa. Ine ndayeza bipi 118/76, ndiyezanso pa 20. Mng'ono wanga wasiya, anali atamwa makapu anayi okha.

Mjomba Yona:
Ndayang'ana mabotolo aja, limodzi alemba digoxin.